Vidiyo yoyenda pang'onopang'ono: foni siingaonetse chomwe siinajambule

Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti, mwambo wa Umthetho ukangotha pa phiri la Hora, mafoni a kuno ku Mzimba amadzaza ndi mavidiyo a Ingoma. Amayenda pa WhatsApp kuchokera pa Boma kupita ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda mpaka kwa abale athu omwe ali ku Joni. Zaka zaposachedwapa achinyamata aphunzira kalembedwe katsopano ka mavidiyowa. Wovina amayamba pa liwiro lake lenileni, kenaka akamakweza mwendo vidiyo imayamba kuzizira mpaka phazi likutsika ngati lili m'madzi, ndipo likangogunda pansi liwiro limabwerera mwakale.

Zikachitika bwino, zimakoma kuonera. Koma ambiri mwa mavidiyo amenewa ali ndi chilema chimodzi mwa ziwiri. Ena amadumphadumpha ngati ngolo pa msewu wa mabampu. Ena ndi osalala, koma chibonga cha wovina chimapindika ngati ndodo yapulasitiki yomwe yayandikira moto, nthenga za kumutu zimasungunuka, ndipo nthawi zina mwendo umaoneka ngati iwiri. Lero ndikufuna tione chomwe chimachititsa zimenezi, chifukwa yankho lake si kugula foni yodula kapena kusaka pulogalamu ina. Yankho lagona pa masamu ochepa omwe mwana wa Fomu 2 angawathe.

Tiyambire poti vidiyo si chinthu choyenda. Ndi mulu wa zithunzi zoima zomwe zimaonetsedwa motsatizana mofulumira mpaka maso athu kukhulupirira kuti pali kuyenda. Foni wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi, ndipo ndi zomwe zimatanthauza mukaona `30 fps` pa kamera. Poonera, foni imafunanso zithunzi 30 pa sekondi iliyonse. Mukajambula 30 n'kuonetsa 30, zonse zili bwino, aliyense walandira gawo lake.

Tsono vuto limabwera mukauza foni kuti ichepetse liwiro ndi theka. Sekondi imodzi yomwe munajambula iyenera kutambasuka kukhala masekondi awiri. Masekondi awiri amafuna zithunzi 60, koma inu muli ndi 30 zokha. Mukatsitsa liwiro kufika pa kota, sekondi imodzi ikhala masekondi anayi, pafunika zithunzi 120, ndipo 90 mwa izo kulibe. Zili ngati alendo 120 afika pa ukwati pomwe mwaphika nsima ya anthu 30. Wophika ayenera kuchitapo kanthu, ndipo mapulogalamu onse okonzera mavidiyo ali ndi njira zitatu zokha zodzazira mipatayi.

Njira yoyamba ndi kubwereza. Pulogalamu imaonetsa chithunzi chomwecho kawiri, kapena kanayi, isanapite pa chotsatira. Apa palibe bodza lililonse, chilichonse chomwe mukuona chinajambulidwadi. Koma pa kota ya liwiro, maso amalandira zithunzi zatsopano zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zokha pa sekondi, ndipo amaona kudumpha kuja. Njira yachiwiri ndi kusakaniza. Pulogalamu imatenga zithunzi ziwiri zoyandikana n'kuzisanjikiza, china chikuzilala china chikuwala. Kudumpha kumachepa, koma chinthu chothamanga chimaoneka pawiri, ngati chili ndi mzukwa wake pambali. Njira yachitatu ndi kupeka. Pulogalamu imayerekeza komwe kachigawo kalikonse ka chithunzi choyamba kapita pa chithunzi chachiwiri, kenaka imajambula yokha chithunzi chapakati chomwe kamera siinaonepo.

Amene mumagwiritsa ntchito kompyuta mudzapeza njira zitatuzi ndi mayina awo. Mu Adobe Premiere Pro zalembedwa `Frame Sampling`, `Frame Blending` ndi `Optical Flow`. Mu DaVinci Resolve ndi `Nearest`, `Frame Blend` ndi `Optical Flow`. Mu CapCut, yomwe achinyamata ambiri kuno ali nayo, njira zosalazazi zimapezeka pansi pa `Smooth slow-mo`. Nzeru ya njira yachitatuyi si yadzulo ayi. Mu 1981 akatswiri Horn ndi Schunck, komanso Lucas ndi Kanade, anasindikiza njira zowerengetsera kuyenda kwa zinthu pakati pa zithunzi ziwiri. Mapulogalamu a masiku ano ndi ochenjera kuposa pamenepo, ena anachita kuphunzitsidwa ndi mavidiyo ambirimbiri, koma ntchito yake ikadali yomweyo, kulosera. Ndipo wolosera aliyense ali ndi malire.

Kuti tiwaone malirewo, tiyeni titenge wovina Ingoma mmodzi, tiyerekeze ndi manambala. Tinene kuti ndi wamtali masentimita 170, ndipo mwamujambula ndi foni yogona chammbali. Chithunzi chake chili ndi timadontho 1080 kuchokera pamwamba kufika pansi, tomwe akatswiri amati mapikiselo. Ngati wovinayo watenga timadontho 850, ndiye kuti sentimita imodzi ya thupi lake ndi timadontho tisanu.

Tiyambe ndi phazi. Tinene kuti walikweza masentimita 60 ndipo likutsika m'gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Pa `30 fps` nthawi imeneyi ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi, choncho phazi likusuntha pafupifupi masentimita 10 pa chithunzi chilichonse, omwe ndi timadontho 50. Phazi lenilenilo ndi lalitali masentimita 25 ndipo lalumikizana ndi mwendo wonse. Pulogalamu ikayang'ana chithunzi chachiwiri, imalipeza phazilo pafupi ndi pomwe linali. Kulosera apa n'kosavuta, ndipo zotsatira zake zimakhala zabwino ndithu.

Tsono tione chibonga. Wovina akachigwedeza mwamphamvu, mutu wake ungayende mita imodzi m'gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Izi ndi zithunzi zitatu zokha, ndiye kuti masentimita 33 pa chithunzi chilichonse, kapena timadontho 165. Koma ndodo ya chibongayo ndi yonenepa masentimita atatu basi, timadontho 15. Pakati pa zithunzi ziwiri yadumpha mtunda woposa kunenepa kwake kakhumi. Pulogalamu ikaifuna pafupi ndi pomwe inali, imapezapo thambo kapena nkhope ya munthu woonerera. Mwinanso imapeza chibonga cha wovina woyandikana naye n'kuganiza kuti ndi chomwechija. Ndiye imakoka timadontho ta pafupi ndi dzanja kupita kolondola, ta kunsonga kupita kolakwika, ndipo ndodo yowongoka imapindika kapena kuduka pakati. Apa pali lamulo losavuta kukumbukira. Ngati chinthu chikusuntha mtunda wochepera kukula kwake pakati pa zithunzi ziwiri, kupeka kumatheka. Ngati chikudumpha kuposa kukula kwake kangapo, yembekezerani zilema.

Malire achiwiri ndi kubisika. Wovina akakweza chishango, chimaphimba nkhope ya mnzake wa kumbuyo. Pa chithunzi choyamba nkhopeyo ilipo, pa chachiwiri palibe. Pulogalamu ikufunsa kuti kadontho aka kapita kuti, koma yankho loona ndi lakuti sikanapite kulikonse, kangobisika. Chimodzimodzi kumbali ina ya chishango, komwe kukutulukira zinthu zomwe pa chithunzi choyamba kunalibe. Popeza iyenera kudzaza malowo, pulogalamu imakoka zomwe zili pafupi. N'chifukwa chake m'mphepete mwa chinthu choyenda mumaoneka kamzere konjenjemera, ngati mpweya wotentha pamwamba pa phula la msewu wa M1 masana a Okutobala. Kamzere kameneka ndi chizindikiro chodalirika kwambiri chakuti vidiyo ili ndi zithunzi zopeka.

Malire achitatu ndi zinthu zopanda maonekedwe okhazikika komanso zinthu zofananafanana. Fumbi lomwe limabuka phazi likagunda pansi silisuntha ngati mwala, limabadwa, limakula, limamwazika. Nthenga ndi ubweya wa zikopa zimagwedezeka chilichonse mbali yake. Amayi oimba atavala chitenje chimodzi pa mzere, ukonde wa pagolo, mpanda wa waya, zonsezi zimasokoneza pulogalamu chifukwa kachigawo kalikonse kali ndi anzake ofanana nako khumi. Mukaganiza bwino, Ingoma ili ndi zonse zomwe njira yopekayi imadana nazo, ndodo zopyapyala zothamanga, zishango zophimbana, fumbi la Ogasiti, nthenga, ndi anthu ovala mofanana.

Ndiye tichite bwanji? Yankho lili pa nthawi yojambula, osati yokonza. Madzi akatayika saoleka, ndipo chithunzi chomwe kamera siinagwire sichidzabweranso. Musanadine batani lofiira, lowani m'makonzedwe a kamera muone ngati foni yanu ili ndi `60 fps` kapena gawo lolembedwa `Slow motion`, lomwe nthawi zambiri limajambula 120 kapena 240. Kenaka gawani 30 ndi nambala yomwe mwajambulira. Yankho lake ndilo liwiro lotsikitsitsa lomwe mungafike popanda kubwereza kapena kupeka. Mukajambula pa 60, mungatsike mpaka `0.5x`. Pa 120 mungafike `0.25x`. Pa 240 mungafike `0.125x`, ndiko kuti sekondi imodzi kukhala masekondi asanu ndi atatu. Pa 120, chibonga chija chikusuntha masentimita 8 okha pa chithunzi, ndipo chithunzi chilichonse n'chenicheni.

Pali mtengo wake. Foni yojambula zithunzi 120 pa sekondi siingalole kuwala kulowa nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo 120 a sekondi pa chithunzi chilichonse, pomwe pa 30 ingadikire kanayi kuposa apo. Masana pa bwalo la ku Hora izi si vuto, dzuwa n'lokwanira. Koma m'holo madzulo vidiyo imada ndipo imadzaza ndi timadontho tonga mchenga. Komanso magetsi a ESCOM amasinthasintha ka 50 pa sekondi, zomwe zimachititsa kuti mababu ambiri aziphethira ka 100 pa sekondi. Maso athu saona kuphethiraku, koma kamera ya 120 kapena 240 imakugwira, ndipo vidiyo imaoneka ikuwala ndi kuzima. Choncho za kuchepetsa liwiro muzisungire panja ndi masana.

Tsopano tifike pa kusalaza kwenikweniko, kusintha liwiro pakati pa vidiyo popanda woonera kumva kugwedezeka. Anthu ambiri amadula vidiyo m'zidutswa zitatu n'kupatsa chapakati liwiro lochepa. Zotsatira zake zimakhala ngati minibasi yomwe yagwira mabuleki mwadzidzidzi pa rodibuloko ya pa Jenda. Dalaivala wabwino amayamba kuchepetsa liwiro akadali patali. Mu CapCut njira yake ndi kudina kachidutswa ka vidiyo, kenaka `Speed`, kenaka `Curve`, kenaka `Custom`. Pamatuluka mzere wokhala ndi timfundo. Mukakweza kamfundo liwiro limakwera, mukatsitsa limatsika, ndipo pulogalamu imalumikiza timfundoto ndi mzere wokhota bwino.

Tiyeni tikonze limodzi kachidutswa ka masekondi asanu kojambulidwa pa `120 fps`. Choyamba pezani chithunzi chomwe phazi lagunda pansi, chifukwa zonse zizungulira pamenepo. Tinene kuti zachitika pa sekondi 2.9. Mufunika timfundo tinayi. Koyamba kakhale pa sekondi 2.0, pa liwiro lenileni, pomwe wovina wayamba kukweza mwendo. Kachiwiri kakhale pa 2.5, katatsika kufika pa `0.25x`, pomwe bondo lafika pamwamba. Kachitatu kakhale pa 3.0, pa `0.25x` pomwepo, phazi litagunda kale ndipo fumbi layamba kubuka. Kachinayi kakhale pa 3.25, kabwerere pa liwiro lenileni.

Tione kutalika kwa zomwe woonera adzaone. Masekondi awiri oyamba akhala awiri omwewo. Potsika paja liwiro likuchoka pa 1 kupita pa 0.25, pakati pake ndi pafupifupi 0.6, choncho theka la sekondi litambasuka kufika pafupifupi masekondi 0.8. Gawo lozizira, theka la sekondi pa kota ya liwiro, likhala masekondi awiri athunthu. Pokwera patenga pafupifupi 0.4, ndipo masekondi 1.75 otsalawo akhala momwemo. Zonse pamodzi ndi pafupifupi masekondi 7. Nambala yanu ingasiyane pang'ono malinga ndi kakhotedwe ka mzere, ndipo pulogalamu imakuonetsani kutalika kwatsopano mukamasuntha timfundo. Taonani kuti potsika ndapereka nthawi yaitali kuposa pokwera. Kutsika pang'onopang'ono kumakonzekeretsa maso kuti kukubwera chinthu chachikulu, pomwe kubwerera msanga kumabweza mphamvu ya gule. Mukachita mosemphanitsa, vidiyo imaoneka yaulesi.

Masekondi awiri ozizira aja akufuna zithunzi 60. Theka la sekondi pa `120 fps` ndi zithunzi 60 ndendende, palibe chosowa. Mukadajambula pa 30, mukadakhala ndi 15 zenizeni ndi 45 zopeka, ndiko kuti pa zithunzi zinayi zilizonse zitatu n'zongoganizira. Ndipo vuto la 30 limayamba ngakhale musanafike pansi. Liwiro likamadutsa pa `0.7x`, zithunzi zisanu ndi ziwiri ziyenera kudzaza malo khumi. Zinayi zimaoneka kamodzi, zitatu kawiri, mosatsatana bwino, ndipo popeza liwiro likusinthabe, kabwerezedwe kakenso kakusintha. N'chifukwa chake vidiyo ya 30 imatsimphina kwambiri potsetsereka pamenepa. Pa 120 vutoli silioneka, chifukwa nthawi iliyonse yomwe pulogalamu ikufuna, pali chithunzi chenicheni pafupi kwambiri.

Chenjezo limodzi laling'ono. Mafoni ena, mukajambula pa `Slow motion`, amasunga vidiyo itazizira kale. Mukailowetsa mu pulogalamu, `1x` imakhala yoyenda pang'onopang'ono. Zikatero mzere wanu utembenuke, liwiro lenileni likhale pa `4x` ndipo gawo lozizira likhale pa `1x`. Masamu ake ndi omwewo. Chachiwiri, ngati vidiyo yajambulidwa ndi foni ya mnzanu, musalandire kudzera pa WhatsApp mwa njira wamba, chifukwa imafinyidwa ndipo tinthu tating'ono tomwe pulogalamu imagwiritsa ntchito potsatira kuyenda timafafanizika. Mupatsane pa memori khadi, pa chingwe, kapena aitumize ngati `Document`.

Nanga amene foni yake ili ndi 30 yokha, monga mafoni ambiri otsika mtengo omwe tili nawo kumudzi kuno, asiye? Ayi. Angathe kugwiritsa ntchito kupeka, koma mwa nzeru. Asatsike kupyola `0.5x`, kuti chithunzi chopeka chilichonse chikhale pakati pa zenizeni ziwiri. Asankhe wovina mmodzi yemwe kumbuyo kwake kuli thambo, khoma kapena phiri, osati khamu la anthu. Asankhe nthawi yomwe thupi likuyenda mofatsa, monga pomwe mwendo wafika pamwamba n'kuima kanthawi, osati pomwe chibonga chikuzungulira. Ajambule padzuwa, chifukwa m'kuwala kochepa chinthu chothamanga chimajambulidwa chitapakika kale, ndipo kuchepetsa liwiro kumangochititsa kuti kupakikako kuoneke nthawi yaitali. Akamaliza, asangoonera kamodzi n'kutumiza. Ayendetse vidiyo ndi chala chithunzi ndi chithunzi, akuyang'ana malo atatu, nsonga ya chibonga, m'mphepete mwa chishango, ndi zala za manja. Ngati pali chilema, ndi pamenepo chimabisala. Akachipeza, akweze liwiro pang'ono kapena asinthe n'kugwiritsa ntchito njira yosakaniza ija, chifukwa mzukwa wochepa umakhululukika kusiyana ndi dzanja losungunuka.

Tisaiwale mawu. Ingoma ya kuno siidalira ng'oma, mphamvu yake ili m'mawu a oimba, m'manja a amayi ndi m'kugunda kwa mapazi. Mukachepetsa liwiro la mawu ndi theka popanda kukonza, nyimbo imatsika kwambiri, amayi amamveka ngati abambo, ndipo pa kota amamveka ngati ng'ombe. Pulogalamu ikayesa kusunga kamvekedwe, mawu amakhala onjenjemera. Njira yabwino ndi kulekanitsa mawu ndi zithunzi musanayambe kusintha liwiro, kuti nyimbo ipitirire pa liwiro lake. Koma kumbukirani kuti m'chitsanzo chathu zithunzi zatalika ndi masekondi pafupifupi awiri, ndiye gawo lozizira likatha, mapazi ndi nyimbo zingasemphane. Werengani kagundidwe ka nyimboyo. Ngati manja akuombedwa pa theka la sekondi lililonse, masekondi awiri ndi kuomba kanayi ndendende, ndipo phazi lidzagweranso pa nthawi yake. Ngati sizikukwanira, sunthani kamfundo kachitatu pang'ono mpaka zigwirizane. Mngoni aliyense woonera adzamva msanga phazi likaphonya, ngakhale sadziwa chilichonse za mapulogalamu.

Za kuwonjezera liwiro sitichedwapo, chifukwa n'zosavuta. Apa palibe chosowa, pulogalamu imangotaya zithunzi. Pa `4x` imasunga chimodzi n'kutaya zitatu. Vuto lake ndi lakuti kunjenjemera kwa dzanja la wojambula kumafulumiranso kanayi, ndipo mzere wa anthu olowa m'bwalo umaoneka ngati wajambulidwa pa njinga ya kabaza. Gawo lomwe mukufuna kudzalithamangitsa mulijambule foni itatsamira pa mpando, pa mwala kapena pa katatu. Apa njira yosakaniza ija imathandiza, chifukwa kupakika pang'ono kumapereka chithunzi cha liwiro. Ndipo polowa ndi potuluka mugwiritse ntchito mzere wokhota womwewo.

Pali chifukwa china chomwe ndalembera nkhaniyi, choposa kukongola kwa mavidiyo. Masiku ano pa mipikisano ya mpira ya masukulu ndi ya m'midzi, mkangano ukabuka anthu amathamangira foni. Wina amachepetsa liwiro la vidiyo n'kunena kuti taonani, mpira sunadutse mzere. Tiyeni tiwerengetse. Mpira womenyedwa bwino ungathamange mamita 20 pa sekondi. Pa `30 fps` ndi masentimita 67 pakati pa zithunzi ziwiri, pomwe mpirawo kukula kwake ndi masentimita 22. Tinene kuti wagunda chitsulo cha pamwamba, watsika, wanjanja pansi n'kutuluka. Chithunzi china chaugwira ukutsika, chotsatira chaugwira ukukwera kale. Nthawi yomwe unakhudza pansi ili pakati, ndipo kamera siinaione. Pulogalamu yopeka imaganiza kuti chinthu chimayenda mowongoka kuchokera pa malo oyamba kufika pa achiwiri, choncho idzajambula mpira ukuyandama m'malere, osakhudza pansi n'komwe. Zithunzi zimenezo zidzaoneka zosalala ndi zokhutiritsa, koma ndi mboni yomwe panalibe pamalopo.

N'chifukwa chake pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Brazil mu 2014, pomwe makina oona ngati mpira wadutsa mzere anagwiritsidwa ntchito koyamba pa mpikisanowu, anaika makamera othamanga 14 pa bwalo lililonse, asanu ndi awiri kuyang'ana golo iliyonse. Sanadalire kamera imodzi ndi kulosera. Ife tilibe zimenezo, koma tili ndi nzeru. Ngati vidiyo ikubweretsedwa ngati umboni, kaya pa mpira kaya pa mlandu wa kwa amfumu, pemphani yoyambirira yosakonzedwa, ndipo muiyendetse chithunzi ndi chithunzi. Ngati nthawi yomwe mukukanganirana yagwera pakati pa zithunzi ziwiri, vomerezani kuti foni siinaone, ndipo chigamulo cha woimbira chikhale.

Mfundo yomweyi ikukhudzanso gule wathu. Ana ambiri obadwira ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni akuphunzira Ingoma poonera mafoni, ndipo zaka zikubwerazi mavidiyo omwe tikujambula lero ndi omwe adzasonyeze momwe madoda a nthawi ino ankaponyera phazi ndi kugwirira chishango. Vidiyo yomwe zithunzi zitatu mwa zinayi n'zopeka imasalaza chinthu chomwe chimapangitsa Ingoma kukhala Ingoma, kugunda kwadzidzidzi kuja komwe kumagwedeza nthaka. Pulogalamu imakonda zoyenda mofatsa ndi mowongoka, ndipo imafewetsa phazi lomwe mwini wake analiponya mwaukali. Choncho kongoletsani mavidiyo anu momwe mungafunire, koma yoyambirira musaifufute. Isungeni pa memori khadi, mulembe tsiku, malo ndi dzina la gulu lovina.

Kwa aphunzitsi anzanga a masamu ndi sayansi, apa pali phunziro laulere. Jambulani mwana akugwetsa mwala kuchokera pa mita imodzi ndi theka, kenaka ophunzira awerenge zithunzi kuyambira pomwe wausiya mpaka wagunda pansi. Pa `30 fps` apeza zithunzi 16 kapena 17, zomwe ndi kupitirira pang'ono theka la sekondi, monga momwe buku limanenera. Adzaonanso kuti mtunda wa pakati pa zithunzi ukukulirakulira mwala ukamatsika, chinthu chomwe pulogalamu yopeka siidziwa ikamajambula zapakati. Mwana amene wawerenga yekha zithunzi zimenezi sadzapusitsidwa ndi vidiyo yosalala.

Sabata ino, musanajambule ukwati, mpira kapena gule, tsegulani makonzedwe a kamera muone nambala yomwe ili pafupi ndi `fps`, mugawe 30 ndi nambalayo, ndipo mudziwiretu pomwe mungalekezere. Amene mwayesa ndipo zakukanikani, lembani kalata ku tsamba lino, munene mtundu wa foni ndi chomwe mumajambula, tidzaunikira limodzi. Tikumanenso sabata yamawa.